Kasitomala wabweza ndowa 10 za penti, VAT ndi sitoko ndizilembe bwanji?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndimasunga mabuku pa hadiweya ya amalume anga ku Limbe kuno. Mu Malichi tinagulitsa ndowa 40 za penti, za malita 20 zija, kwa kontilakita wina amene akumanga nyumba cha ku Chileka. Ndowa imodzi inali K60,000 VAT isanalowe. Ndiye pa invoisi panali K2,400,000, VAT ya nthawi imeneyo ya 16.5% inali K396,000, zonse pamodzi K2,796,000. Anapereka K1,500,000, yotsalayo ndi ngongole.

Lero m'mawa, Meyi uno, watulukira ndi pikapu itanyamula ndowa 10, akuti mwini nyumba wasintha maganizo pa mtundu wa penti. Amalume alandira chifukwa ndi kasitomala wakale. Tsono vuto langa ndi ili. Ndowazo tinazipikula pa K42,000 imodzi, koma zimene zinafika mu Epulo tinagula pa K51,000 ndipo tikugulitsa K72,000. Kontilakitayo akuti timuchotsere pa K72,000 poti ndiwo mtengo wa lero. VAT ya Malichi tinapereka kale ku MRA. Ndimuchotsere zingati? VAT ija yapita basi? Nanga ndowazi zilowe m'sitoko pa mtengo uti?

Chisomo: Chemwali, njira yachidule ndi kufufuta invoisi ya mu Malichiyo n'kulemba ina ya ndowa 30. Zonse zidzikonza zokha, ngongole, VAT ndi sitoko yomwe.

Bambo Mbewe: Chisomo, zimenezo zikanatheka kasitomala akanabweza tsiku lomwelo lisiti isanatuluke. Pano ayi. Invoisi ya mu Malichi inalowa kale mu ritani ya VAT imene inapita pofika pa 25 Epulo, ndipo kasitomala ali ndi kope yake m'faelo mwake. Mukaifufuta, mabuku anu a Malichi azinena zina, ritani imene muli nayo ku MRA izinena zina. Tsiku limene adzabwere kudzaona mabuku, funso loyamba lidzakhala lakuti K99,000 ya VAT ya ndowa 10 zija yasowera kuti.

Mayi Nabanda, invoisi ija musaikhudze. Inanena zoona pa tsiku lake, ndowa 40 zinatulukadi. Chimene chachitika lero ndi nkhani yatsopano, ndipo pepala lake ndi kirediti noti yokhala ndi deti la lero.

Tiyambe ndi mtengo wa kasitomala. Kirediti noti imabweza zimene zinalembedwa pa invoisi, osati zimene zili pa shelefu lero. Munthu anagula pa K60,000, mumuchotsera pa K60,000. Ndowa 10 ndi K600,000, VAT yake K99,000, zonse K699,000. Ngongole yake inali K1,296,000, ndiye itsika kufika pa K597,000. Mukamuchotsera pa K72,000 ndiye kuti simukulandira katundu wobwezedwa, mukugula penti kwa iyeyo pa mtengo wogulitsira, ndipo mwamupatsa K12,000 pa ndowa iliyonse yomwe sanaperekepo.

Nabanda: Zikomo bambo. Apa ndamva. Ndiye VAT ija imabwerera?

Bambo Mbewe: Imabwerera, koma osati ngati ndalama yoti mukatenge pa windo. Mu ritani ya Meyi, imene ipite pofika pa 25 Juni, VAT yanu yotolera pa malonda ichepa ndi K99,000. Ngati mwezi uno mumayenera kupereka K800,000, mupereka K701,000. Ritani ya Malichi inali yolondola pa nthawi yake, kubwezaku kwachitika mu Meyi, ndiye kulowe mu Meyi.

Chinthu china choti musaiwale: VAT ya pa kirediti noti izitsatira peresenti imene ili pa invoisi yoyamba. Boma likasintha VAT pakati pa tsiku logulitsa ndi tsiku lobweza, inu mubweze imene munatolera. Simungabweze msonkho umene simunalandire.

Chisomo: Chabwino ndavomera za kufufuta. Koma pa VAT ine ndikupeza K115,335. Ndatenga K699,000 kuchulukitsa ndi 16.5%.

Bambo Mbewe: Apo mwaika VAT pamwamba pa VAT inzake. K699,000 ili kale ndi msonkho m'kati. Mukafuna kuutulutsa m'ndalama yotere, muchite chonchi:

```
=699000*16.5/116.5
```

Mupeza 99,000 ndendende. Cholakwa chimenechi ndachiona kambirimbiri kwa anthu amene amalemba mitengo yophatikiza VAT pa shelefu. Njira yodziyesera ndi yosavuta. Ndowa 10 pa 40 ndi kota, ndiye VAT yobwerera ikhalenso kota ya K396,000. Ikaposa apo, mwadzichotsera msonkho wambiri kuposa umene munapereka, ndipo kusiyana kwa K16,335 kumeneko mudzakubweza ndithu akadzakupeza.

Mayi a Pempho: Inenso zinandichitikira zomwezi mwezi watha. Ndinaoda makatoni a sopo ku holoselo ina mu Limbe momwemo, nditafika ku Bangwe ndinapeza katoni imodzi yonyowa. Ndinabweza koma mpaka lero ndalama sanandipatse, amangoti mudzatenge katundu wina. Ndiye kirediti notiyo ndilembe ine?

Bambo Mbewe: Mayi a Pempho, inu muli mbali inayo, ndinu wogula. Kirediti noti imachokera kwa wogulitsa. Pitani mukawauze akulembereni, ikhale ndi nambala ya lisiti imene munagulira ndi ndalama yake. Mukatero muli ndi pepala losonyeza kuti ali ndi ndalama yanu, osati mawu apakamwa a mnyamata wa pakauntala amene mawa akhoza kusiya ntchito. Ngati golosale yanu sinalembetse VAT, nkhani ya msonkhoyi sikukukhudzani, inu mungoona kuti akuchotserani ndalama yonse imene munapereka pa katoniyo, VAT ili m'kati momwemo.

Mayi a Pempho: Zikomo, ndipita Lolemba. Lisiti ndinasunga.

Che Yusufu: Bambo Mbewe, pa VAT ndi pa kasitomala sinditsutsa. Koma pa sitoko ndiye tisiyane. Ine ndagulitsa malata ndi simenti ku Ndirande zaka zambiri, ndaona mitengo ikukwera katundu ali pa lole. Ndowa imeneyo lero ku fakitale ndi K51,000. Mukailemba K42,000 mukudzinamiza. Mnyamata wa pakauntala aona 42 m'kompyuta, kasitomala akanenerera amupatsa pa 55 akuganiza kuti wapha makwacha, pamene pokaoda ina mukufunika 51 kuphatikiza thiransipoti. Umu ndi mmene anthu amadyera mpamba osadziwa. Ine katundu akabwerera ndimamulemba pa mtengo wa lero basi.

Bambo Mbewe: Che Yusufu, nkhawa yanu ndi yoona, ndipo pa nkhani yoika mtengo wogulitsira muli bwino kwambiri. Ndowa zabwererazi zigulitsidwe pa K72,000 ngati zinzake, palibe chifukwa chozitsitsira. Koma mtengo wogulitsira ndi nkhani ina, ndalama imene ndowa ikuimira m'mabuku ndi nkhani inanso. Tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono ndi manambala a Mayi Nabanda omwewa.

Mu Malichi ndowa 40 zitatuluka, mabuku anachotsa K1,680,000 m'sitoko n'kuiika ku mtengo wa katundu wogulitsidwa. Ndiyo 40 kuchulukitsa ndi K42,000. Lero ndowa 10 zabwerera, ndiye kuti zimene zagulitsidwadi ndi 30. Ndowa 30 zimenezo shopu inazigula ndalama zingati? K1,260,000. Palibe kukwera kwa mitengo kumene kungasinthe nambala imeneyi, chifukwa ndi ndalama imene inatuluka kale m'thumba la amalume awo. Kuti K1,680,000 itsike kufika pa K1,260,000, tiyenera kuchotsapo K420,000, yomwe ndi ndowa 10 pa K42,000.

Tsono yesani njira yanu. Mukabweza pa K51,000 mwachotsa K510,000, ndipo ku mtengo wa katundu wogulitsidwa kwatsala K1,170,000. Gawani ndi 30, mupeza K39,000 pa ndowa. Kodi shopu imeneyi inagulapo penti pa K39,000? Ayi. Mabuku ayamba kunena kuti munapindula K90,000 yoonjezera, pamene palibe amene wakupatsani ngakhale tambala. Phindu labadwa chifukwa choti kasitomala wabweza katundu. Ndipo chaka chikatha ndowazo zisanagulidwe, phindu la papepala limenelo mulilipirira msonkho, mwinanso amalume atapa ndalama m'shopu poganiza kuti zilipo.

Che Yusufu: Koma ndowazo zikadzagulitsidwa pa 72, phindulo silibwera ndithu?

Bambo Mbewe: Libwera, ndipo tsiku limenelo ndi limene liyenera kuoneka. Ndowa yogulidwa pa 42 ikadzapita pa 72, phindu ndi K30,000, lenileni, ndalama ili m'dilowa. Njira yanu imatenga K9,000 mwa K30,000 imeneyo n'kuilemba lero, wogula asanapezeke. Pamapeto zonse zimafanana, kusiyana ndi kwakuti inu mwawerengera nkhuku ikadali dzira. Nanga mtundu umenewu ukapanda kuyenda malonda? Paja mwini nyumba uja waukana.

Che Yusufu: Pa mabuku ndamva. Koma mnyamata wa pakauntala uja simunandiyankhe. Ine sindifuna aone 42.

Bambo Mbewe: Asaone mtengo wopikulira n'komwe. Mpatseni mtengo wogulitsira ndi malire otsitsira, kuti pansi pa K68,000 ayambe wafunsa abwana. Malirewo muwakonze poyang'ana K51,000 ya lero, monga mukunenera. Mabuku asiyeni anene zimene zinachitika.

Che Yusufu: Kumeneko tigwirizana theka. Kope yanga ya m'thumba ikhalabe ndi mtengo wa lero, akauntanti azilemba zake.

Nabanda: Bambo Mbewe, ndiye mu kompyuta zilowe bwanji? Ndayesa kupanga `Credit Note` osasunga, ndaona kuti pa `Unit Cost` yadziikira yokha 51,000.

Bambo Mbewe: Mwachita bwino kuyang'ana musanasunge, ambiri saona. Mapulogalamu ambiri akapatsidwa kirediti noti yoima payokha amatenga mtengo umene uli pa katunduyo lero, chifukwa sakudziwa kuti ndowazi zinachokera pa invoisi iti. Tsegulani invoisi ya mu Malichiyo muone ngati pali poti mupangire kirediti noti kuchokera pomwepo. Mukatero nthawi zambiri imakoka mtengo wogulitsira, VAT ndi mtengo wopikulira wa tsiku lija. Ngati palibe, sinthani 51,000 ikhale 42,000 ndi dzanja. Ikakana kusintha, sungani kenako mukonze kusiyana kwa K90,000 ndi jenolo. Mukamaliza, zimene zalowa zioneke chonchi:

```
Dr Sales Returns   600,000
Dr Output VAT       99,000
   Cr Debtors          699,000

Dr Inventory       420,000
   Cr Cost of Sales    420,000
```

Mizere itatu yoyambayo ndi ya kasitomala ndi MRA, ndipo ndi yokhayo imene imaoneka pa pepala lopatsa kasitomala. Iwiri yam'munsiyo ndi ya m'nyumba, kasitomala sayenera kuona mtengo umene munapikulira. Phindu limene lachoka ndi K180,000, kusiyana kwa 600 ndi 420, lomwe ndi K18,000 pa ndowa monga munapindulira mu Malichi.

Onaninso kuti K42,000 ija ilibe VAT m'kati. Poti shopu yanu inalembetsa VAT, msonkho umene munalipira pogula penti munautenga kale pa ritani ya mwezi umene munagula, ndiye sulowa mu mtengo wa sitoko. Kubweza kwa kasitomalaku sikuukhudza konse.

Chisomo: Nanga ngati pulogalamu imagwiritsa ntchito avereji? Ife tinaphunzira kuti pa avereji katundu yense amakhala ndi mtengo umodzi, ndiye 42 ilowa bwanji pamene zinzake zili pa 51?

Bambo Mbewe: Funso labwino. Mayi Nabanda, pa shelefu pali ndowa zingati za mu Epulo?

Nabanda: Zatsala 20. Za mu Malichi zinatha zonse ndi kontilakita yemweyu.

Bambo Mbewe: Ndiye ndowa 20 pa K51,000 ndi K1,020,000. Onjezani K420,000 ya zobwererazi, zikhala ndowa 30 za K1,440,000. Avereji yatsopano ndi K48,000. Ndowa zimalowa pa mtengo umene zinatulukira, kenako avereji imadzikonza. Mukadzaona 48,000 musadabwe kuti kompyuta yasokonezeka, ndiye kuti yachita bwino. Ikakhalabe pa 51,000 mudziwe kuti K90,000 ija yalowa mozemba.

Achimwene Gama: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kutsitsa katundu. Ine ndimasunga sitolo pa kampani ina ku Makata, za madebiti sindizidziwa kwenikweni, koma ndifunse chinthu chimodzi. Chemwali, ndowa 10 zimenezo mwazigwira ndi manja anu kapena mwangomva kwa amalume? Chifukwa zonse zimene akunena Bambo Mbewe zikuganizira kuti ndowazo zili bwino. Penti wochokera pa saiti sabwera mmene anapitira. Wakhala miyezi iwiri pafumbi, padzuwa, anyamata akukhalira ngati mipando.

Chitani izi musanalembe kalikonse. Yang'anani chivindikiro chilichonse ngati chidindo chake sichinadulidwe, ndipo muone m'mphepete ngati mulibe zipsera za sikuludilaiva. Ikani ndowa iliyonse pa sikelo, zonse zilemere mofanana ndi yatsopano ya pa shelefu. Kwathu kuno tinalandirapo ndowa yooneka bwinobwino, titaitsegula patapita mwezi tinapeza theka ndi madzi, ndipo kirediti noti inali itapita kale. Onaninso nambala ya bachi pa chizindikiro ngati ikufanana ndi imene munagulitsa, anthu ena amabweza katundu amene anagula kwina motchipa. Mukatha mulembe pepala lolandirira katundu wobwezedwa, asaine dalaivala wa pikapu ndi inu. Kwathu popanda pepala limenelo a maakaunti salemba kirediti noti.

Nabanda: Achimwene mwandithandiza, ndinangowerenga kuti zakwana 10. Dikirani ndipite kuseri.

Nabanda: Ndabwerako. Zisanu ndi zitatu zili bwinobwino, zidindo zonse zilipo. Imodzi yaphwanyika pang'ono m'mbali koma siinatsegulidwe ndipo kulemera kwake n'chimodzimodzi. Yomalizayo inatsegulidwa ndithu. Chivindikiro chili ndi penti wouma m'mphepete, pa sikelo yapepuka, ndipo nditasuzumira pamwamba pachita kachikopa. Amalume sanaone, anali pa foni pamene amatsitsa.

Achimwene Gama: Mwaona tsono. Ijambuleni chithunzi pompano ndipo muitumize kwa kontilakitayo lero lomwe, asadzanene kuti inatsegulidwira kwanu.

Bambo Mbewe: Achimwene Gama agwira pamene ine ndinalumpha. Manambala asintha pang'ono. Tiyambe ndi yophwanyikayo. Mayi Nabanda, mukuganiza kuti ingagulidwe zingati?

Nabanda: Amalume akuti pa K65,000 ipita msanga, penti wake ali bwino.

Bambo Mbewe: Ndiye imeneyo ilowa pa K42,000 ngati zinzake. Lamulo la sitoko ndi lakuti katundu amalembedwa pa mtengo wogulira, pokhapokha ngati ndalama imene mungapeze pomugulitsa yatsikira pansi pa mtengo wogulirawo. K65,000 ili pamwamba pa 42, palibe chotaya, mwangochepetsa phindu la mtsogolo.

Yotsegulidwayo ndi imene ikufuna chiganizo cha amalume, ndipo njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuikana. Kirediti noti ikhala ya ndowa 9: K540,000, VAT K89,100, zonse K629,100. Ngongole yotsala ikhala K666,900, ndipo m'sitoko mulowa K378,000. Ndowa yokanidwayo ndi ya kontilakita ngakhale ili m'shopu mwanu. Imateni pepala la dzina lake, iikeni padera, ndipo powerenga sitoko kumapeto kwa mwezi isalowe m'chiwerengero.

Yachiwiri ndi kuilandira pofuna kusunga ubale. Apo kirediti noti ikhala ya K699,000 monga poyamba, VAT yonse K99,000 ibwerera. Koma ndowayo singakhale m'mabuku pa K42,000 ngati munthu angaigule pa K25,000 yokha VAT isanalowe. Muilowetse pa 42 kuti kubwezako kuoneke bwino, kenako muitsitse kufika pa 25, ndipo K17,000 ilembedwe ngati katundu woonongeka. Ndimakonda kuti ziwirizi zioneke padera, kuti amalume akadzafunsa kuti ubale ndi kasitomala ameneyu watidyera zingati, nambala ikhalepo.

Che Yusufu: Ine ndikanaikana osaganiza kawiri. Munthu watsegula, wapakako, akubweza ngati yatsopano, ndiponso akufuna 72? Mukalandira lero, mawa abweretsa matumba a simenti ouma.

Mayi a Pempho: Koma mwina iyeyo sakudziwa, anyamata ake ndi amene anatsegula. Munthu woti ali ndi ngongole ya ndalama zambiri chonchi osamukwiyitsa chifukwa cha ndowa imodzi, angachedwetse zonse.

Chisomo: Bwanji kugawana pakati? Amuchotsere theka la mtengo pa ndowa imeneyo.

Bambo Mbewe: Zimathekanso, akagwirizana. Mzere wa ndowa imeneyo pa kirediti noti ukhala K30,000, ndipo VAT yake itsatira ndalama yomweyo, K4,950. VAT imabwerera pa ndalama yokhayo imene mwamuchotsera kasitomala. Koma chiganizocho ndi cha mwini shopu, ife a mabuku timalemba zimene agwirizana.

Mayi Nabanda, pa pepalalo musasiye izi: nambala yakeyake ya kirediti noti yotsatana ndi zinzake, deti la lero, dzina ndi TPIN ya shopu, dzina ndi TPIN ya kasitomala, nambala ndi deti la invoisi ya mu Malichi, kuchuluka kwa ndowa, mtengo, VAT payokha, ndi chifukwa chobwezera. Kontilakitayo analembetsa VAT?

Nabanda: Eya, TPIN yake ili pa invoisi ndipo amalimbikira lisiti yovomerezeka ndi MRA nthawi zonse.

Bambo Mbewe: Ndiye kuti K396,000 yonse anaitenga kale ngati VAT yolipira pogula. Inu mukachepetsa yanu yotolera, iyenso ayenera kuchepetsa yakeyo ndi ndalama yomweyo. Akapanda kutero ndiye kuti boma lataya ndalama imeneyo, ndipo n'chifukwa chake a MRA amayang'anitsitsa makirediti noti. Mupatseni kope yoyamba, asaine pa kope yanu kuti walandira, ndipo ngati ali ndi wosunga mabuku mutumizireninso iyeyo mwachindunji. Makontilakita ambiri mapepala amathera mu galimoto. Zimene achite ku mbali yake ndi udindo wake, koma inu mukhale ndi umboni woti munamupatsa.

Nabanda: Nanga pa makina otulutsa malisiti a MRA? Lisiti ya mu Malichi inatuluka ya K2,796,000 ndipo a MRA anaiona kale. Mwezi uno malonda a pa makina akhala okwera kuposa amene ndilembe pa ritani.

Achimwene Gama: Kwathu ndimaona a maakaunti akumata pamodzi kope ya lisiti yoyamba, kirediti noti ndi pepala langa lolandirira katundu. Faelo yake ndi yapadera.

Chisomo: Ine ndinamva kuti umayenera kutenga lisiti yeniyeniyo kwa kasitomala.

Che Yusufu: Angakupatse bwanji pamene ndowa 30 akadali nazo ndipo lisiti ndi yomweyo? Zimenezo n'za munthu wobweza katundu yense.

Bambo Mbewe: Che Yusufu akunena zoona, lisitiyo akuifunabe pa ndowa 30, inu mutenge fotokope. Faelo imene akunena Achimwene Gama ikhalepo, ndipo muonjezeremo kapepala kogwirizanitsa manambala: malonda a Meyi monga akuonekera pa makina, kuchotsa kirediti noti nambala yakuti, kutsala zimene zalembedwa pa ritani. Aliyense wodzafunsa kusiyanako adzakupeza pa tsamba limodzi. Za mabatani a pa makinawo musatengere kwa ife pano, chifukwa shopu iliyonse ili ndi makina ake ndi pulogalamu yake. Muli pafupi, tengani faeloyo mupite nayo ku Msonkho House kapena muimbire amene anakuikirani makina, akuonetseni pa makina anu enieniwo. Muchite zimenezi Juni asanafike pakati, osadikira pa 24.

Mayi a Pempho: Ine kompyuta ndilibe, ndimangowerenga katundu kumapeto kwa mwezi. Munthu akandibwezera katundu, za Inventory zija ndizilemba pati?

Bambo Mbewe: Inu mizere iwiri yam'munsi ija simuifuna. Lembani m'kope kuti malonda achepa ndi ndalama imene mwabweza. Katunduyo akabwerera pa shelefu adzalowa yekha powerenga kumapeto kwa mwezi. Chongosamala n'chakuti pomuika mtengo tsiku lowerengalo mugwiritse ntchito umene munaodera, osati umene mumagulitsira.

Nabanda: Ndalankhula ndi amalume. Pa 72 akana, akuti 60 ya pa invoisi basi, ndipo kontilakita wavomera atakumbutsidwa kuti ngongole yakenso sitinaikweze mitengo itakwera. Pa ndowa yotsegulidwa sanagwirizane. Iye akuti anyamata ake angotsegula kuti aone mtundu, amalume akuti sikelo siinama. Akumana Loweruka ku saiti.

Ndiye ndalemba ya ndowa 9 kuchokera pa invoisi penipeni, ndipo `Unit Cost` yabwera 42,000 yokha. Yatuluka K629,100, VAT K89,100, ngongole yatsala K666,900. Sitoko ikuonetsa ndowa 29 za K1,398,000. Ya nambala 10 ndaimata pepala, ili kuseri pafupi ndi mawaya. Akagwirizana Loweruka, ndilembe kirediti noti yachiwiri kapena ndisinthe yomweyi?

Bambo Mbewe: Yachiwiri, ya nambala yakeyake, yotchula invoisi yomwe ija. Yoyambayi ikangosainidwa isakhudzidwenso. Ndipo Loweruka likagwera mu Juni, VAT ya ndowa imeneyo ilowa mu ritani ya Juni, osati ya Meyi.

Achimwene Gama: Chemwali, chivindikiro cha yotsegulidwayo chikhomereni bwino ndi nyundo ya labala, mpweya usalowe. Ikakhala choncho mpaka Loweruka, ngakhale K25,000 ija simuipeza.